Madzi awirikiza katatu, bilu yawirikiza kanayi: ndalama zina zachokera kuti?

Funso: Zikomo akatswiri. Pa poloti yanga pali mita imodzi ya madzi. Tili tokha, ine ndi banja langa la anthu 5, tinkagwiritsa ntchito mayuniti 14 pa mwezi. Miyezi iwiri yapitayo ndinalowetsa alendi mabanja awiri m'nyumba za kuseri, lina la anthu 6, lina la anthu 3, ndipo onse amatunga pa mpopi wapanja. Bilu ya mwezi woyamba inabwera ya mayuniti 14 ngati kale, koma ya mwezi uno yalemba 42. Madzi awirikiza katatu, koma ndalama zawirikiza kanayi n'kupitirira. Kodi a bodi ya madzi andibera? Nanga bilu yotere tigawana bwanji ndi alendiwa? Ndine Mayi mwini poloti.

Yankho: Mayi, pa masamu a ndalama sindikuona kuti mwaberedwa. Chimene chikundikayikitsa ine ndi nambala ya 42 imeneyo, ndipo ndifikako. Koma tiyambe ndi mmene ndalama zimawerengedwera, chifukwa mukapita ku ofesi musanamvetse zimenezi mukakangana nawo pa nkhani yolakwika, yeniyeniyo n'kuisiya.

Yuniti imodzi pa bilu ya madzi ndi kiyubiki mita imodzi, amene ndi malita 1,000, kapena kuti zigubu 50 za malita 20. Mayuniti amenewa sagulitsidwa pa mtengo umodzi. Bodi imagawa madzi a mwezi m'magawo: gawo loyamba n'lotchipa, lachiwiri n'lokwererapo, lachitatu n'lokwera kwambiri. Zili ngati muli ndi migolo itatu yondondozana, ndipo madzi sangalowe mu mgolo wachiwiri woyamba usanadzaze. Mwezi ukatha migolo yonse imakhuthulidwa, n'kuyambiranso pa woyamba.

M'Malawi muli mabodi a madzi asanu, ya Lilongwe, ya Blantyre, ndi za zigawo za Kumpoto, Pakati ndi Kumwera, ndipo iliyonse ili ndi mitengo ndi malire ake a magawo, zimene zimasinthanso nthawi ndi nthawi. Choncho ndigwiritsa ntchito mitengo yongoyerekezera, yosavuta kuwerengera. Inu mudzangochotsa yangayi n'kuikapo yeniyeni ya kwanuko. Tinene kuti mayuniti 10 oyamba ndi K800 iliyonse, kuyambira ya nambala 11 mpaka ya nambala 30 ndi K1,400 iliyonse, ndipo iliyonse yopitirira 30 ndi K2,200. Pamwamba pake tiikepo K2,000 yokhazikika, imene munthu amalipira mwezi ndi mwezi kaya watunga madzi kaya sanatunge.

Muli nokha, mayuniti anu 14 ankagawika motere: 10 m'gawo loyamba, amene ndi K8,000, ndipo 4 otsalawo m'gawo lachiwiri, amene ndi K5,600. Kuphatikiza ndi yokhazikika ija, bilu yonse K15,600. Onani kuti madzi anu ambiri ankagwera m'gawo lotchipa. Tsopano tengani 42. Gawo loyamba likadali K8,000 yomweyo, chifukwa silikula ngakhale anthu achuluke. Gawo lachiwiri ladzaza lonse, mayuniti 20 pa K1,400, amene ndi K28,000. Atsala 12, ndipo amenewa agwera m'gawo lachitatu pa K2,200, kutanthauza K26,400. Zonse pamodzi ndi yokhazikika ndi K64,400. Mukagawa K64,400 ndi K15,600 mupeza kanayi n'kupitirira pang'ono, ndendende zimene mwaona inuzo. Mayuniti 12 omalizawo okha adya ndalama zoposa katatu zimene mayuniti 10 oyamba anadya.

Anthu ambiri amaganiza kuti ukangodumpha malire, madzi onse a mweziwo amawerengedwa pa mtengo wapamwamba. M'njira imene ndafotokozayi sizitero. Wogwiritsa ntchito mayuniti 30 amalipira K36,000 ya madzi, ndipo wa 31 amalipira K38,200: yawonjezeka ndi yuniti imodzi yokhayo. Zikanakhala kuti onse 31 akuwerengedwa pa K2,200, akanalipira K68,200. Njira yachiwiriyi iliko m'mabungwe ena a madzi pa dziko lapansi, n'chifukwa chake ndi bwino kutsimikiza. Funsani ku ofesi pepala la mitengo, muwerengere nokha gawo ndi gawo, muone ngati zikufanana ndi bilu. Mufunsenso ngati gawo loyamba limalipidwa pa yuniti kapena ndi ndalama imodzi yosasintha, chifukwa kwina munthu amalipira gawo lonse loyamba ngakhale atatunga theka lake. Ngati pa bilu pali msonkho kapena ngongole ya m'mbuyo, zichotseni kaye musanayerekeze, ndipo muonetsetse kuti akaunti yanu yalembedwa kuti ndi ya pakhomo, osati ya bizinesi, popeza mitengo yake ndi yosiyana.

Mabodi amachita zimenezi kuti madzi akumwa, ophikira ndi osamba akhale otsika mtengo kwa aliyense, ndipo wothirira kapinga ndi kutsuka galimoto tsiku lililonse alipire zambiri. Madzi a m'tauni amadyanso ndalama asanafike pa mpopi. Ku Blantyre madzi ambiri amachokera mu mtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amapopedwa ndi magetsi kukwera chitunda cha mamita pafupifupi 800. Ganizo la magawo n'labwino, koma lili ndi chilema chimodzi chachikulu: mita siwerenga anthu. Imangoona madzi akudutsa. Poloti ya mabanja atatu osauka otungira pa mpopi umodzi imaoneka ngati nyumba imodzi ya munthu wowononga madzi, ndipo gawo lotchipa, limene linayenera kukhala la banja lililonse, mukugawana mabanja atatu. Amene dongosololi linafuna kuwateteza ndi amene limawapweteka akakhala pa mita imodzi.

Tsopano nambala ya 42 ija. Pa poloti panu pali anthu 14. Mayuniti 42 ndi malita 42,000, ndipo mukawagawa kwa anthu 14 pa masiku 30 mupeza malita 100 munthu aliyense pa tsiku, zigubu zisanu. Kwa banja lanu zimenezi n'zomveka: mayuniti 14 kwa anthu 5 ndi malita 93 pa tsiku, zimene zikusonyeza kuti mwina muli ndi mipopi m'nyumba, shawa ndi chimbudzi chamadzi. Koma alendi anu amatunga panja ndi ndowa. Munthu wonyamula madzi pamutu sawononga ngati wongotsegula mpopi wa m'bafa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limayerekezera kuti pakhomo pamene pali mpopi umodzi wapabwalo munthu amagwiritsa ntchito malita pafupifupi 50 pa tsiku, pamene pakhomo pa mipopi yambiri ya m'nyumba amafika 100 kapena kuposa. Anthu 9 pa malita 50 kwa masiku 30 ndi malita 13,500, tingoti mayuniti 14. Kuphatikiza ndi anu 14, ine ndikanayembekezera 28 pa poloti yonse. Pali mayuniti 14 amene sindikuwaona kumene achokera, ndipo ndi omwewo amene akukankhirani m'gawo lodula. Pa 28 bilu ikanakhala K35,200, osati K64,400.

Wokayikitsidwa woyamba mwamutchula nokha mosadziwa. Mwati mwezi woyamba alendi atalowa bilu inabwerabe ya 14. Zimenezi sizingatheke ngati mita inawerengedwadi, chifukwa anthu 9 sangakhale mwezi wathunthu osatunga ngakhale ndowa imodzi. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wowerenga mita sanathe kufika, mwina geti inali yokhoma, mwina kuli galu, mwina galasi la mita linali ndi matope kapena nthunzi, ndiye ofesi inangoyerekezera potengera miyezi yanu ya m'mbuyo. Mwezi wotsatira atawerenga zenizeni, madzi onse amene sanalembedwe aja anabwera pamodzi. Phatikizani 14 ndi 42, mupeza 56. Gawani pawiri, mupeza 28 pa mwezi, nambala yomwe ija tapeza powerenga anthu. Zikagwirizana chonchi ine ndimayamba kukhulupirira.

Wina anganene kuti palibe vuto, popeza madzi ake ndi omwewo, 56. Mtengo ukanakhala umodzi akananena zoona. Koma pa mitengo ya magawo, mmene madzi agawidwira pa miyezi zimasintha ndalama. Miyezi iwiri ya 28 ndi K33,200 ya madzi mwezi uliwonse, pamodzi K66,400. Mwezi wa 14 ndi wina wa 42 ndi K13,600 kuphatikiza K62,400, pamodzi K76,000. Kusiyana kwake ndi K9,600, pa madzi omwewo. Chachitika n'chakuti m'mwezi woyamba gawo lachiwiri linatsala ndi malo a mayuniti 16 osagwiritsidwa ntchito, ndipo m'mwezi wachiwiri madzi amene akanalowa pamenepo analipidwa pa mtengo wa gawo lachitatu. Apa ndiye pali nkhani yoti mupite nayo ku ofesi. Tengani mabilu onse awiri. Pa bilu pamakhala nambala ya mita ya ulendo watha ndi ya ulendo uno, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndiye mayuniti anu. Funsani mwachindunji ngati nambala ya mwezi woyamba inawerengedwa pa mita kapena inali yoyerekezera. Ngati inali yoyerekezera, pemphani kuti mayuniti 56 agawidwe pa miyezi yonse iwiri, bilu iwerengedwenso. Lembani kalata, musunge kope lake, musangolankhula pakamwa.

Muonenso masiku. Ngati pakati pa kuwerenga kuwiri padutsa masiku 40 m'malo mwa 30, madzi a masiku 10 owonjezerawo amagwera pamwamba penipeni, pa mtengo wodula, pokhapokha ngati bodi imakulitsa malire a magawo molingana ndi masiku. Ili ndi funso loyenera kuwafunsa.

Wokayikitsidwa wachiwiri ndi kutayika kwa madzi, ndipo ameneyu mukhoza kumufufuza usiku uno osalipira aliyense. Pitani pa mita. Manambala akuda ndiwo mayuniti athunthu, amene amalembedwa pa bilu. Ofiira, kapena timivi tofiira, amawerenga malita osakwana yuniti. Pa mamita ambiri palinso kagudumu kakang'ono kooneka ngati nyenyezi, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono pokha. Tsekani mipopi yonse, ya m'nyumba ndi yapanja, muuze aliyense asagwiritse ntchito chimbudzi, ndiye muyang'anitsitse kagudumuko kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Kakamayenda, madzi akutuluka penapake. Ngati muli ndi thanki yapamwamba, dikirani kaye idzaze, apo ayi muziona ngati akutayika pamene akungolowa m'thankimo.

Kuti mudziwe kukula kwa vutolo, jambulani mita ndi foni nthawi ya 10 koloko usiku anthu atagona, mujambulenso 5 koloko m'mawa munthu asanatunge. Sankhani usiku umene madzi akutuluka, chifukwa paipi youma singakuuzeni kanthu. Tinene kuti m'maola 7 amenewo mita yayenda malita 140. Amenewo ndi malita 20 pa ola, chigubu chimodzi chokha, zimene pamaso sizioneka ngati kanthu. Koma pa tsiku ndi malita 480, ndipo pa mwezi ndi 14,400, mayuniti 14 aja amene tikuwasaka. Chowawa n'chakuti madzi otayika amalipidwa pa mtengo wa pamwamba penipeni, chifukwa ndi amene amaunjikana pamwamba pa madzi anu ofunikira. M'chitsanzo chathu, kudontha kwa chigubu chimodzi pa ola kukudyerani K29,200 pa mwezi.

Malo oyamba kuyang'ana ndi kathanki ka chimbudzi. Rabala ya pansi ikatha, madzi amatsetsereka mwakachetechete kulowa m'mbale usana ndi usiku. Thirani tiyi wakuda kwambiri m'kathankimo, musagejemule, mubwere patatha mphindi 15. Madzi a m'mbale akasintha mtundu, mwapeza wakuba wanu. Kenako onani kapaipi kotayira madzi thanki yapamwamba ikasefukira, ngati pansi pake pali chinyezi kapena ndere zobiriwira. Pomaliza tsatirani paipi yopita ku mpopi wapanja, makamaka ngati inalumikizidwa posachedwa chifukwa cha alendiwa. Malo amene udzu ukubiriwira nthawi ya chilimwe pamene pena ponse pauma, kumbani pamenepo. Paipi iliyonse ya kuseri kwa mita, mbali ya kwanu, ndi udindo wanu, ndipo madzi odutsa pa mita amalembedwa pa akaunti yanu ngakhale atathera m'dothi.

Palinso chizolowezi china cha m'madera amene madzi amasiyasiya. Munthu amatsegula mpopi masana, n'kupeza kuti ndi wouma, n'kuusiya chitsegulire. Madzi amabwera 2 koloko usiku aliyense ali m'tulo. Mpopi wotulutsa malita 10 pa mphindi ukakhala maola atatu wataya malita 1,800, pafupifupi mayuniti awiri usiku umodzi. Pa mpopi wa anthu ambiri zimenezi zimachitika kaamba koti aliyense amayesa kuti mnzake watseka. Ndipo musachite manyazi kufunsa ngati aneba akutunga nawo, kapena ngati wina mwa alendi akuchapira anthu zovala, akuphika zogulitsa, kapena akuumba njerwa.

Pa nkhani yogawana, choyamba musagawe bilu ya K64,400 musanadziwe chimene chachitika. Ngati m'biluyi muli madzi a mwezi watha, mabanja onse ali ndi gawo lawo. Koma ngati ndi chimbudzi cha m'nyumba mwanu chimene chikudontha, kapena paipi ya poloti yanu, si chilungamo kuti alendi alipire. Chachiwiri, pali kagawidwe kena kamene ndimakaona kwa eni mapoloti ndipo sindigwirizana nako: mwini nyumba amati ine ndinkalipira K15,600 kale, ndiye zotsalazo ndi zanu. Potero iye wadzitengera yekha gawo lonse lotchipa, alendi n'kuwasiyira magawo odula okhaokha. Palibe amene madzi ake amadutsa pa mita poyamba. Njira yoyenera ndi kupeza mtengo wapakati, kutanthauza bilu yonse kugawa ndi mayuniti onse, ndipo aliyense alipire madzi ake pa mtengo umenewo.

Kugawa patatu mofanana n'kophweka koma kumapweteka banja la anthu 3. Kugawa powerenga mitu n'kwabwinoko: K64,400 kwa anthu 14 ndi K4,600 mutu uliwonse, ndiye inu K23,000, banja la anthu 6 K27,600, ndipo la anthu 3 K13,800. Koma pa poloti panu ngakhale njira imeneyi ikukonderani inu, chifukwa munthu wa m'nyumba mwanu amagwiritsa ntchito madzi owirikiza pafupifupi kawiri a munthu wotunga panja. Mwayi wanu ndi woti mukudziwa kale nambala ya banja lanu, 14. Zinthu zikabwerera m'malo mwake, poloti n'kumagwiritsa ntchito 28, theka la madzi ndi lanu, choncho theka la bilu ya K35,200, lomwe ndi K17,600, ndi lanu. Theka linalo aligawane alendi powerenga mitu, pafupifupi K1,960 munthu aliyense. Mudzaona kuti inunso bilu yanu yakwera ndi K2,000 poyerekeza ndi kale ngakhale simunawonjezere madzi. Umenewo ndiwo mtengo wogawana gawo lotchipa, ndipo ndi bwino kuukumbukira pokonza mtengo wa lendi.

Kuti mkangano wa amene akutunga kwambiri uthe, pulambala akhoza kuika mita yaing'ono yanuyanu pa paipi yopita ku mpopi wapanja, kuseri kwa mita ya bodi. Imeneyi idzakuuzani madzi a alendi ndi angati, anu ndi angati. Koma siitsitsa bilu ngakhale ndi tambala imodzi, chifukwa bodi imangoona mita yake, ndipo magawo amawerengedwa pa akaunti imodzi. Mita ya bodiyo musaikhudze, musaisunthe, musadule chidindo chake. Pamenepo pali chindapusa.

Chimene chimatsitsa bilu ndi akaunti yosiyana, banja lililonse mita yake yochokera ku bodi, chifukwa aliyense amapeza gawo lake lotchipa. Koma musathamangire musanawerengere. Ngati 42 ndi yoona ndipo banja lililonse likugwiritsa ntchito 14, mabilu atatu a K15,600 ndi K46,800, kupulumutsa K17,600 pa mwezi, yomwe ndi K211,200 pa chaka. Pamenepo ndalama yolumikizitsa ikhoza kubwerera msanga. Koma ngati nambala yeniyeni ndi 28, inu 14, banja lalikulu 9, laling'ono 5, mabilu atatu akhala K15,600, K9,200 ndi K6,000, pamodzi K30,800. Poyerekeza ndi K35,200 ya mita imodzi mwangopulumutsa K4,400, chifukwa ndalama yokhazikika ija tsopano mukuilipira katatu. Ndi phindu lochepa lotere, ine sindikanakumba ngalande ndi kugula mapaipi chifukwa cha bilu yokha. Mufunsenso kuti mlendi akasamuka atasiya ngongole pa akaunti ya nyumba yanu, bodi idzagwira ndani.

Ena adzakuuzani kuti muike mita yolipiriratu. Imathetsa vuto la kuyerekezera ndi la ngongole yodzidzimutsa, koma magawo sachoka. Kumene mitengo ya magawo imagwira ntchito pa mamita amenewa, kompyuta imawerenga zonse zimene zagulidwa pa mitayo m'mwezi umenewo, moti K10,000 ya kumayambiriro kwa mwezi imagula mayuniti ambiri kuposa K10,000 ya kumapeto. Pa poloti ya mabanja atatu ogula mosinthana, wogula pomaliza ndi amene amalira, choncho ndi bwino kusonkha ndalama pamodzi kusiyana n'kupatsana masabata.

Kwa masabata anayi akubwerawa, lembani nambala ya mita tsiku limodzi lomwelo sabata iliyonse, mwachitsanzo Lamlungu m'mawa. Malire a gawo lachiwiri akakhala 30 pa mwezi, sabata imodzi isapitirire mayuniti 7. Mukapeza 6 kapena 7, vuto linali kuyerekezera kuja, ndipo zithunzi zanu zikhala umboni ku ofesi. Mukapeza 9 kapena 10, itanani pulambala, muyambire pa kathanki ka chimbudzi.